Ngongole yobisala mu opushoni ya zaka ziwiri

Tiyerekeze kampani ya ku America imene sheya yake ikugulidwa pa $100. Munthu akufuna pangano lomupatsa ufulu wodzagula sheyayo pamtengo womwewo wa $100 pakatha zaka ziwiri. Chiwongoladzanja chikakhala 1 peresenti pachaka, panganolo alipeza pa $12.15. Chikakwera kufika pa 5 peresenti, pangano lomwelo, pa sheya yomweyo, ya kampani yomweyo imene sinasinthe bwana kapena malonda ake, likhala pa $16.13. Mtengo wakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, koma sheya ili phee pamene inali.

Kusintha kotereku si kongopeka. Kumapeto kwa 2021 boma la America linkabwereka ndalama za zaka ziwiri pa chiwongoladzanja chosafika 1 peresenti. Pomatha 2022 chinali chitapitirira 4 peresenti, ndipo m'chaka cha 2023 chinakhudza 5. Kwa zaka zambiri izi zisanachitike, amalonda a pamsikawu ankangodutsa nambala ya Rho pa kompyuta osaiyang'ana kawiri, chifukwa chiwongoladzanja chinali chitagona pansi. Chitadzuka, nambalayo inayamba kuoneka m'mitengo, ngakhale kuti sinaoneke paliponse mofanana.

Opushoni ndi pangano logulidwa ndi ndalama. Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi kolo, umene umapatsa mwini wake ufulu wogula sheya pamtengo wopangana tsiku lomaliza lisanadutse. Wachiwiri ndi puti, umene umapatsa ufulu wogulitsa. Onse awiri ndi ufulu chabe, sakakamiza. Mitengo ikapanda kukomera mwini pangano, amangolisiya kuti life lokha, ndipo chimene wataya ndi ndalama yomwe analipira poligula. Msika wa Chicago Board Options Exchange unatsegulidwa mu 1973, chaka chomwecho chimene Fischer Black ndi Myron Scholes anafalitsa njira yowerengera mtengo wa mapanganowa, imene Robert Merton anaikuza. Poyamba mapangano anali a miyezi yowerengeka. Mu 1990 msikawu unayambitsa ataliatali otchedwa LEAPS, amene amatha kufika pafupifupi zaka zitatu ndipo ambiri amathera mu Januwale. Pangano limodzi limaimira masheya 100, choncho mtengo wa $12.15 ukutanthauza $1,215 yotuluka m'thumba.

Pafupi ndi mtengo wa opushoni iliyonse, buloka amaonetsa manambala angapo onena mmene mtengowo ungasinthire. Delta imanena za kusuntha kwa sheya. Vega imanena za kugwedezeka kwa mitengo kumene msika ukuyembekezera. Rho imayankha funso limodzi lokha: chiwongoladzanja chikakwera ndi 1 peresenti, monga kuchoka pa 1 kupita pa 2, zina zonse zili chimodzimodzi, mtengo wa opushoni usintha ndi zingati? Kwa kolo yankho limakhala lokwera, kwa puti lotsika.

Anthu ambiri amadabwa ndi za kolo. Timazolowera kumva kuti chiwongoladzanja chikakwera masheya amavutika. Nanga ufulu wogula sheya ukwera bwanji mtengo?

Taganizani za munthu amene wapeza puloti ya nyumba ndipo ndalama yonse ali nayo. Mwini malo akumuuza kuti angathe kulipira lero, kapena kupereka kangachepe kogwirira malowo n'kudzalipira mtengo wonse, wosasintha, pakatha zaka ziwiri. Akasankha njira yachiwiri, ndalama yaikulu ija ikhala kubanki ikubereka zaka ziwiri zathunthu, pamene mwini malo akudikira chimanjamanja. Mabanki akamapereka zochepa, kudikirako sikupweteka kwenikweni. Akamapereka zambiri, mwini malo wanzeru akweza ndalama yogwirira ija, chifukwa akudziwa kuti akubwereketsa ndalama mosaonekera.

Kolo imayenda chomwecho. Wogula kolo amapeza phindu lonse la kukwera kwa sheya, koma $100 ya mtengo wopangana adzaipereka mtsogolo. Amene wamugulitsa koloyo, makamaka makampani amene ntchito yawo ndi kugula ndi kugulitsa maopushoni tsiku lonse, sangokhala manja lende kudikira tsoka. Amagula gawo la masheyawo lero kuti adziteteze, ndipo ndalama yogulirayo amabwereka, kapena amaichotsa pamene ikanabereka. Chiwongoladzanja cha ndalama imeneyo amachiika mumtengo wa kolo. Mkati mwa kolo iliyonse muli ngongole, ndipo Rho ndi muyeso wa kukula ndi kutalika kwa ngongoleyo.

Puti ndi mbali inayo ya nkhani yomweyo. Mwini puti adzalandira $100 mtsogolo ngati agulitsa. Ndalama yodzalandira pakatha zaka ziwiri imachepa mphamvu lero chiwongoladzanja chikakwera: pa 1 peresenti, $100 ya nthawi imeneyo ikufanana ndi $98.02 ya lero, pamene pa 5 peresenti ikufanana ndi $90.48 yokha. N'chifukwa chake puti ya zaka ziwiri pa sheya yathu ija imatsika kuchoka pa $10.17 kufika pa $6.61.

Mwezi umodzi ndi zaka ziwiri

Manambala onse m'nkhani ino ndawatulutsa ndi njira ya Black ndi Scholes, pa kampani yongoyerekeza yosagawa dividendi, imene kugwedezeka kwa mtengo wake kuli pa 20 peresenti pachaka. Pamsika weniweni masenti adzasiyanako, koma kayendedwe kake n'komweko.

Titenge makolo awiri, onse pamtengo wopangana wa $100. Yoyamba yatsala ndi mwezi umodzi. Pa chiwongoladzanja cha 1 peresenti mtengo wake ndi $2.34, ndipo Rho yake ndi 0.04, kutanthauza masenti anayi. Yachiwiri ndi ya zaka ziwiri ija ya $12.15, imene Rho yake ndi 0.92, masenti 92. Kusiyanaku kukuchokera pa nthawi basi. Ngongole ya mwezi umodzi ili ndi chiwongoladzanja chochepa, ya miyezi 24 ili ndi chochuluka pafupifupi ka 24. Munthu angathe kuyerekeza Rho ya kolo yotere ndi mutu wokha: atenge theka la mtengo wopangana, achulukitse ndi zaka zotsala, agawe ndi 100. Theka la 100 ndi 50, kuchulukitsa ndi 2 ndi 100, kugawa ndi 100 ndi 1, zimene zili pafupi ndi 0.92. Theka lija likuchokera poti mwayi woti panganolo lidzagwiritsidwa ntchito uli pafupifupi pakatikati, ndiye ngongoleyo imawerengedwa ngati theka.

Tsopano banki yaikulu ya America, Federal Reserve, ikweze chiwongoladzanja ndi kota ya peresenti, monga inachitira mu Malichi 2022. Kolo ya mwezi umodzi isintha ndi senti imodzi. Palibe amene angaione, popeza kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira pa sikirini kumakhala kokulirapo kuposa pamenepo. Kolo ya zaka ziwiri isintha ndi masenti 23, kapena $23 pa pangano la $1,215. Ndi ndalama ndithu, koma Delta ya kolo imeneyi ndi 0.58, choncho sheya ikangosuntha ndi masenti 40, zimene zimachitika munthu asanamalize kapu ya tiyi, zotsatira zake n'zomwezo. Vega yake ndi 0.55, ndipo kugwedezeka kumene msika ukuyembekezera kumatha kusintha ndi mapointi angapo m'sabata imodzi ya mantha. Apa ndiye pagona chifukwa chimene mabuku ambiri amaikira Rho kumapeto kwa mutu. Sikuti nambalayo ndi yaing'ono, pa opushoni ya zaka ziwiri imaposa Vega. Koma chinthu chimene imayeza chimayenda pang'onopang'ono, masiku ambiri sichisuntha n'komwe.

Chaka cha 2022 chinasintha zimenezo. Kuyambira Malichi 2020 Federal Reserve inali itasunga chiwongoladzanja chake pakati pa 0 ndi 0.25 peresenti. Itayamba kukweza, inakweza ndi 0.75 kanayi motsatizana, mu Juni, Julayi, Seputembala ndi Novembala, ndipo pofika Julayi 2023 chinali pakati pa 5.25 ndi 5.50. Pakusintha kwa mapointi anayi, kolo yathu ya mwezi umodzi ichoka pa $2.34 kufika pa $2.51, masenti 17 okha. Ya zaka ziwiri ikwera ndi $3.98. Wina akachulukitsa 0.92 ndi 4 apeza $3.68, yopereweramo pang'ono, chifukwa Rho nayo imakula pamene chiwongoladzanja chikukwera. Nambala ya pa sikirini ndi yodalirika pa masitepe aang'ono, pa aakulu iyenera kuwerengedwanso.

Choncho kuti chiwongoladzanja chioneke mumtengo pamafunika zinthu ziwiri pamodzi, nthawi yotalika ndi kusintha kwakukulu. Chimodzi chokha sichikwanira. Ndinganene kuti pamsika wa ku America, opushoni yosafika miyezi itatu siyenera kudetsa munthu nkhawa ya Rho, ndipo yopitirira chaka siyenera kugulidwa munthu asanaiyang'ane. Malire amenewa ndi a dziko la chiwongoladzanja cha manambala aang'ono. Kuno kwathu, kumene banki yaikulu inafikitsa chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti mu 2024, miyezi itatu yokha imadya ndalama yoposa imene chaka chathunthu chimadya pa 5 peresenti. Msika wa masheya wa ku Blantyre sugulitsa maopushoni, koma ukanamagulitsa, ngakhale aafupi akanalemedwa ndi Rho.

Phindu limene mwini wake sanalione

Wina angaganize kuti amene anagula kolo ya zaka ziwiri mu Januwale 2022 anaolokera tsidya lina, popeza chiwongoladzanja chinakwera monga mmene Rho imafunira. Tiyeni timutsatire.

Wagula pa $12.15. Chaka chatha, chiwongoladzanja chafika pa 5 peresenti, sheya ikadali pa $100. Kolo yake tsopano yatsala ndi chaka chimodzi, ndipo mtengo wake ndi $10.45. Wataya $1.70. Akayang'ana akaunti yake aona kutayika basi, n'kunena kuti nkhani za Rho ndi bodza la m'mabuku. Koma chiwongoladzanja chikanakhala pa 1 peresenti, koloyo ikanakhala pa $8.43. Kukwera kwa chiwongoladzanja kwamupulumutsira $2.02, kungoti kutha kwa nthawi kwadya zambiri kuposa pamenepo. Taonaninso kuti wapeza $2.02, osati $3.98. Chiwongoladzanja chinatenga chaka kuti chikwere, ndipo mwezi uliwonse umene unkadutsa unkafupikitsa ngongole ija, Rho n'kumachepa nayo.

Zoona zake za 2022 zinali zowawa kuposa izi. Mlozo wa masheya wa S&P 500 unatsika ndi pafupifupi 19 peresenti m'chakacho, ndipo kukwera kwa chiwongoladzanja kunali pakati pa zifukwa zake. Sheya yathu itsike kufika pa $80. Kolo ya $12.15 ija tsopano ili pa $1.86. Pa chiwongoladzanja chakale ikanakhala pa $1.30. Rho yabweretsa masenti 56 kwa munthu amene wataya madola opitirira khumi. Pamene sheya yatsikira kutali ndi mtengo wopangana, mwayi woti $100 ija idzalipiridwa umachepa, ndipo ngongole imene mwina sidzatengedwa ilibe chiwongoladzanja chambiri choiwerengera.

Apa pali msampha umene mawu oti "zina zonse zili chimodzimodzi" amabisa. Chiwongoladzanja sichikwera chokha. Chimakoka masheya, chimagwedeza msika. Munthu wogula kolo pofuna kupindula ndi kukwera kwa chiwongoladzanja walakwitsa chida, chifukwa Delta idzamugwetsa Rho isanamudzutse. Ntchito yeniyeni ya Rho ili pa tsiku logula: imakuuza gawo la mtengo limene ukulipira monga chiwongoladzanja.

Kolo yolowa m'malo mwa sheya

Pali njira imene amalonda ang'onoang'ono a ku America amaikonda. M'malo mogula masheya 100 pa $10,000, amagula LEAPS imodzi ya mtengo wopangana wotsika kwambiri, mwachitsanzo $70 pa sheya ya $100. Kolo yotere imayenda pafupifupi ngati sheya yeniyeni, Delta yake imapitirira 0.9, koma imafuna gawo limodzi mwa atatu a ndalama. Pano ndi pamene ngongole ija imaonekera poyera, ndipo m'pamene ndikuona kuti munthu wamba ayenera kutchera khutu kwambiri.

Pa 1 peresenti, kolo ya $70 ya zaka ziwiri ndi $32.38. Tiiphwanye. Madola 30 ndi phindu limene lilipo kale, kusiyana kwa 100 ndi 70. Otsalawo, $2.38, ndi amene munthu akulipira pamwamba. Mwa amenewa, $1.39 ndi chiwongoladzanja cha $70 imene sanaipereke kwa zaka ziwiri, ndipo masenti 99 ndi chitetezo, popeza sheya ikagwa kupitirira $70 iye sataya china choposa chimene analipira.

Pa 5 peresenti kolo yomweyo ndi $37.16. Madola 30 aja sanasinthe. Zapamwamba zafika pa $7.16, kuwirikiza katatu. Chiwongoladzanja chokha ndi $6.66, chitetezo chatsika kufika pa masenti 50. Munthu amene anazolowera njirayi mu 2021 n'kuibwereza mu 2023 angaone ngati maopushoni angodula, kapena kuti msika uli ndi mantha. Ayi, ngongole ndiyo yadula. Sheya ikangokhala pa $100 mpaka tsiku lomaliza, $716 pa pangano lililonse idzasungunuka, ndipo pafupifupi yonseyo ndi chiwongoladzanja chimene analipiriratu tsiku loyamba.

Kodi ndiye kuti njirayi yaipa? Zitengera kumene $6,284 yotsala ija yapita. Ngati munthuyo anali ndi $10,000 yonse, wagula kolo, yotsalayo n'kuiika m'mapepala a ngongole ya boma a zaka ziwiri, ndalamayo idzabereka pafupifupi chiwongoladzanja chomwe walipira mu kolo, ndipo zonse zifanana. Ngati waisiya mu akaunti yosabereka kanthu, akulipira chiwongoladzanja cha ngongole imene sankaifuna. Ngati analibe ndalamayo kuyambira pachiyambi, ndiye kuti wabwereka, ndipo funso loyenera n'loti kodi akanabwereka kwina pamtengo wotani. Mabuloka ambiri amabwereketsa makasitomala ang'onoang'ono pa chiwongoladzanja chokwera kuposa cha boma ndi mapointi angapo, pamene ngongole ya mu kolo imatsatira mtengo umene makampani aakulu amabwerekera. Ilinso ndi ubwino wina: ndi yokhazikika. Amene anagula kolo yotere pa 1 peresenti anatsekera chiwongoladzanja chimenecho kwa zaka ziwiri, pamene mnzake wobwereka kwa buloka ankaona bilu ikukwera pa msonkhano uliwonse wa Federal Reserve. Mbali inayo ndi yoti wogula pa 5 peresenti watsekeranso pomwepo, ndipo chikatsika msanga mtengo wa kolo yake utsika nacho.

Chiwongoladzanja chiti, ndipo uchipeza bwanji

Cholakwika chofala ndi kudikira tsiku limene Federal Reserve ilengeze, n'kuyembekeza kuti mtengo wa LEAPS udumpha nthawi yomweyo. Chimene bankiyo imalengeza ndi chiwongoladzanja cha usiku umodzi pakati pa mabanki. Opushoni ya zaka ziwiri imamvera chiwongoladzanja cha zaka ziwiri, chimene msika umapanga poyerekeza zonse zimene bankiyo ichite m'nthawi imeneyo. Chimenechi chinayamba kukwera chakumapeto kwa 2021, miyezi ingapo bankiyo isanasunthe kanthu. Kukweza koyembekezeredwa kumakhala kutalowa kale mumtengo, ndipo tsiku lolengeza limasuntha LEAPS pokhapokha ngati lanena zimene anthu samaziganizira.

Chosangalatsa n'choti munthu safunika kukhulupirira nambala ya buloka. Angathe kuwerenga chiwongoladzanja kuchokera m'mitengo momwemo, pogwiritsa ntchito ubale wa kolo ndi puti za mtengo wopangana umodzi ndi tsiku lomaliza limodzi:

```
C - P = S - K*e^(-r*T)
```

C ndi mtengo wa kolo, P wa puti, S wa sheya, ndipo chidutswa chomalizacho ndi mphamvu ya lero ya mtengo wopangana K wodzalipiridwa pakatha zaka T pa chiwongoladzanja r. Pa chitsanzo chathu, 16.13 kuchotsa 6.61 ndi 9.52. Chotsani 9.52 pa 100, mupeza 90.48. Msika ukunena kuti $90.48 ya lero idzakhala $100 pakatha zaka ziwiri, zimene zili pafupifupi 5 peresenti pachaka. Pa nthawi ya chiwongoladzanja chotsika mpatawo unali 12.15 kuchotsa 10.17, $1.98 yokha. Ngakhale osawerengera, kungoona kolo itatalikirana kwambiri ndi puti yake pa LEAPS ndi chizindikiro chokwanira.

Mpatawo ukapezeka wochepa kuposa mmene chiwongoladzanja chikunenera, pali zifukwa ziwiri zoyamba kuzifufuza. Choyamba ndi dividendi. Wosunga sheya amalandira dividendi, wosunga kolo salandira, ndiye dividendi imachepetsa mtengo wosungira sheya. Kampani yogawa 3 peresenti pachaka pa nthawi ya chiwongoladzanja cha 5 imasiya mpata wa 2 yekha. Chachiwiri ndi masheya ovuta kubwereka. Anthu ambiri akamafuna kubwereka sheya kuti aigulitse, mwini wake amalandira lendi, ndipo lendiyo imagwira ntchito ngati dividendi. Pa masheya otere puti imatha kudula kuposa kolo. Wosadziwa angaone ngati wapeza ndalama yotola, koma akayesa kuitola apeza kuti lendi ya sheyayo yaidya kale.

Pamene masamuwa amapunthwa

Njira ya Black ndi Scholes inapangidwira maopushoni amene amagwiritsidwa ntchito pa tsiku lomaliza lokha. Amenewa amatchedwa a mtundu wa ku Ulaya, ndipo a pa mlozo wa S&P 500 ndi otero. Koma a pa masheya a kampani imodzi ku America angathe kugwiritsidwa ntchito tsiku lililonse, ndipo pa puti kusiyanaku kumakula chiwongoladzanja chikakwera.

Sheya yathu igwe kufika pa $60, puti ya $100 idakali ndi zaka ziwiri, chiwongoladzanja chili pa 5. Ikanakhala ya mtundu wa ku Ulaya, mtengo wake ukanakhala pafupifupi $31, ngakhale kuti kusiyana kwa 100 ndi 60 ndi 40, chifukwa $100 ija ndi yodikira. Mwini puti ya ku America safunika kudikira. Agulitsa sheya lero pa $100, ndalamayo n'kuyamba kubereka. Zotsatira zake ndi ziwiri. Rho ya puti yotere ndi yaing'ono kuposa imene masamu osavuta amapereka, chifukwa moyo wake weniweni ndi waufupi kuposa wolembedwa. Ndipo amene anagulitsa putiyo poganiza kuti ali ndi zaka ziwiri angadzuke m'mawa n'kupeza masheya 100 mu akaunti yake ndi bilu ya $10,000. Pa nthawi ya chiwongoladzanja cha pafupi ndi ziro zimenezi zinkachitika mwa apo ndi apo, popeza panalibe chothamangira. Chizindikiro choti nthawiyo yayandikira n'choti mtengo wa puti wafanana ndi phindu limene lilipo kale, popanda kanthu pamwamba.

Malamulo a kolo kukwera ndi puti kutsika ndi a masheya. Pa maopushoni a mapangano a mtsogolo, monga a chimanga kapena mafuta, wodziteteza safunika kubwereka ndalama yogulira katundu yense, choncho Rho imakhala yaing'ono. Pa ndalama zakunja pamakhala ziwongoladzanja ziwiri, za mayiko onse awiri, ndipo zimakokera mbali zosiyana.

Kunja kwa misika yoonekera kuli mapangano otalika kuposa LEAPS, ndipo kumeneko Rho siikhalanso kumapeto kwa mzere. Chitsanzo chodziwika ndi cha kampani ya Berkshire Hathaway ya Warren Buffett, imene m'zaka zofika ku 2008 inagulitsa maputi a zaka 15 ndi 20 pa milozo inayi: S&P 500, FTSE 100, Euro Stoxx 50 ndi Nikkei 225. Inalandiriratu pafupifupi $4.9 biliyoni, ndipo mapanganowo anali a mtundu wa ku Ulaya, oyamba kutha mu 2019, omaliza mu 2028. Palibe amene akanaikakamiza kulipira msanga. Pa kutalika kotero, $100 yodzalipira pakatha zaka 15 ikufanana ndi pafupifupi $48 ya lero pa 5 peresenti, koma $64 pa 3 peresenti. Chiwongoladzanja chimagwiranso pa malo achiwiri, chifukwa m'masamuwa ndi chimene chimanena liwiro limene mlozo ukuyembekezeka kukwera nalo, ndiye chikatsika mwayi wodzalipira umaoneka wokulirapo. Mavuto a zachuma a 2008 anagwetsa masheya, anakweza kugwedezeka, anatsitsanso chiwongoladzanja, zonse zitatu zokweza mtengo wa puti. Ngongole ya mapanganowo m'mabuku a kampaniyo inafufuma, ngakhale kuti tsiku loyamba lolipira linali lidakali zaka zoposa khumi kutsogolo ndipo ndalama ya $4.9 biliyoni inali m'manja mwake ikugwira ntchito.